Kukapempha Nzeru pa Esiteti: Mawu kwa Adzukulu Anga a ku Thyolo

Adzukulu anga, mvula ikamayandikira, pa mageti a maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo pamadzaza anthu. Ena amafuna ntchito yothyola masamba, ena amabwera ndi maenivelopu a khaki momwe muli masatifiketi, ndipo onsewo pempho lawo ndi limodzi: atilembe. Mlonda amalandira maenivelopuwo, amakawasiya ku ofesi, ndipo ambiri mwa eni ake samvanso kanthu. Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti mpaka imvi zinamera, ndipo milu ya makalata oterowo ndinkaiona ndi maso angawa.

Pali ulendo wina umene achinyamata ochepa okha amaudziwa. Ndi ulendo wokapempha munthu amene ali kale pa ntchito imene inu mukuilakalaka kuti akupatseni mphindi 20 zokha, mumufunse za ntchitoyo, muthokoze, n'kubwerako. Simupita kukapempha ntchito. Mupita kukamva mmene ntchitoyo ilili, njira imene anthu amalowera, ndi zimene muyenera kukonza mwa inu nokha musanalembe kalata yofunsira. Akulu anati safunsa anadya phula, koma kufunsako kuli ndi mwambo wake, ndipo pa esiteti mwambo waukulu ndi kudziwa kuti nthawi ya munthu amene mukumufunayo si yake yokha. Imalamulidwa ndi masamba a tiyi.

Dziwani kaye chimene mukupempha

Kusiyana kwa mapempho awiriwa kuli pa yankho limene munthu angathe kupereka. Mukauza manijala wa fakitale kuti mukufuna ntchito, mwamupempha chinthu chimene nthawi zambiri alibe mphamvu yochipereka yekha. Kulemba anthu kumadutsa ku ofesi yoona za antchito, kumadikira kuti malo apezeke, ndipo kuli ndi malamulo ake. Choncho amakuyankhani mwaulemu kuti kasiyeni kalata ku geti, ndipo nkhani imathera pompo. Koma mukamupempha kuti akuuzeni mmene iye anafikira pamene alipo, mwamupempha chinthu chimene ali nacho chochuluka, chimene sangadzudzulidwe nacho ndi mabwana ake, ndiponso chimene anthu ambiri amasangalala kuchikamba.

N'chifukwa chake muyenera kunena poyera kuyambira pachiyambi kuti simukudzafunsira ntchito, ndipo mukafika musunge mawu amenewo. Wachinyamata amene amapempha kucheza kenako n'kutulutsa enivelopu pakati pa macheza amakhala wanama. Mwini ofesi amazindikira nthawi yomweyo kuti analowetsedwa m'khola, nkhope imasintha, ndipo wachinyamata wina amene adzabwere pambuyo ndi mtima woona adzapeza chitseko chotseka.

Sankhani munthu woyenera

Esiteti si ntchito imodzi. Kaya ndi ku Satemwa, imene inayamba mu 1923, kaya ku Conforzi, Makandi, Naming'omba, Nchima kapena minda ya Eastern Produce ya cha ku Makwasa, mudzapeza magawo angapo. Kumunda kuli othyola, akapitawo, makalaliki a pa sikelo, oyang'anira nazale ndi mamanijala a madivishoni. Ku fakitale kuli oyang'anira kufotetsa masamba, oyendetsa makina, osankha tiyi m'magulu ndi olawa. Kuli galaja ya amakaniko ndi amagetsi, kuli ofesi ya ndalama, kuli chipatala cha antchito, ndipo kuli alangizi amene amayendera alimi ang'onoang'ono ogulitsa masamba awo ku fakitale, monga a bungwe la Msuwadzi. Maesiteti ena amalimanso makademiya ndi khofi.

Achinyamata ambiri amathamangira kwa bwana wamkulu wa esiteti yonse, poganiza kuti wapamwamba ndiye wodziwa zonse. Pamenepo amalakwitsa kawiri. Bwana wamkulu ndiye wovuta kumupeza kuposa onse, ndipo analowa ntchito kalekale, nthawi imene njira zolowera zinali zina. Munthu amene angakuthandizeni kwambiri ndi amene ali sitepe imodzi kapena ziwiri patsogolo pa malo amene inu mukuwafuna. Ngati mukufuna kudzakhala manijala wa kumunda, funani wachiwiri kwa manijala wa divishoni amene walowa zaka zochepa zapitazo. Iyeyo akukumbukira mafunso amene anamufunsa polowa, ndi zimene zinamuvuta m'chaka choyamba. Ngati muli ndi pepala la zamagetsi la TEVETA, funani fomani wa ku galaja, osati mkulu wa zandalama.

Musaiwalenso kuti tiyi ali ndi nyumba zina kunja kwa Thyolo. Wokonda za kafukufuku ayang'ane ku Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa, m'boma la Mulanje, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo linatulutsa mitundu ya tiyi monga SFS 150 ndi PC 108 imene mumaiona m'minda yathu. Wokonda za malonda ayang'ane ku Limbe, kumene tiyi amagulitsidwa pa okushoni, ndi ku Tea Association of Malawi ku Blantyre. Wokonda za ufulu wa antchito angafune kumva kwa atsogoleri a bungwe la antchito la PAWU, limene linasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi eni maesiteti mu 2016.

Nanga munthuyo mungamufikire bwanji? Kuno kwathu njira yabwino ndi kudzera mwa munthu amene nonse awiri mukumudziwa. Palibe mudzi ku Thyolo umene ulibe wogwira ntchito pa esiteti. Alipo malume anu amene ndi kapitawo, alipo a mkulu wa mpingo amene ndi dalaivala wa thirakitala, alipo aphunzitsi anu akale amene anaphunzitsanso manijalayo. Apempheni chinthu chaching'ono chokha: akafunse ngati mwini wakeyo angalole kuti mumulembere. Musawatume kukakupempherani ntchito, ndipo musatenge nambala ya foni ya munthu kwa wina popanda mwini wake kuvomera.

Nthawi yake imalamulidwa ndi masamba

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake. Tsamba la tiyi likathyoledwa silidikira munthu. Likaunjikana m'matumba kapena m'thirela kwa nthawi yaitali limatentha lokha, limafiira, ndipo tiyi wake amatsika mtengo. Choncho liyenera kuyezedwa pa sikelo, kunyamulidwa ndi kuyalidwa m'fakitale tsiku lomwelo. Kumeneko limafota kwa maola ambiri, kawirikawiri usiku wonse, kenako limadulidwa ndi makina, limasiyidwa kuti lisinthe mtundu kwa ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono, n'kuumitsidwa. Gawo lililonse lili ndi nthawi yake, ndipo likachedwa kapena kufulumira, wolawa amadziwa ndi lilime mawa lake.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo, mvula ikamagwa, tiyi amaphuka mofulumira ndipo gawo lalikulu la zokolola za chaka chonse limatuluka m'miyezi imeneyi. Munda uliwonse umafuna kubwereredwa pakangopita sabata imodzi kapena masiku ochepa kuposerapo, ndipo fakitale imagwira usana ndi usiku. Manijala amene mwamupempha kucheza mu Januwale akakukanani, sikuti ndi wouma mtima. Mphindi 20 zimene angakupatseni azichotsa pa tulo take kapena pa masamba amene akudikira.

Nthawi yabwino ndi miyezi yozizira ndi youma, kuyambira Juni mpaka Seputembala, tiyi akamakula pang'onopang'ono. Ntchito imakhalapobe, chifukwa ndi nthawi yodulira mitengo ya tiyi ndi kukonza makina a m'fakitale, koma ndi ntchito imene munthu angaisiye kwa kanthawi popanda kanthu kuwonongeka. Chenjerani pa zinthu ziwiri. Kwa amakaniko ndi amagetsi miyezi imeneyi ndiyo yotanganidwa, chifukwa makina amamasulidwa ndi kumangidwanso mvula isanabwere. Ndipo kumene amalima khofi, miyezi yozizira ndiyo yothyola khofiyo. N'chifukwa chake nthawi musasankhe nokha. Nenani kuti mukudziwa nyengo yotanganidwa, kenako musiyireni mwini wake atchule tsiku.

M'kati mwa tsiku namonso muli nthawi zoletsa. M'mamawa anthu a kumunda amakhala akuitana mayina ndi kugawa ntchito. Nthawi ya sikelo kalaliki ndi kapitawo sangacheuke, chifukwa kulakwitsa kilogalamu imodzi ndi kulakwira malipiro a munthu. Masiku okonza malipiro a ku ofesi ya ndalama sapuma. Ndipo wa zamalonda musamusake Lachiwiri, tsiku la okushoni ku Limbe.

Mapemphedwe ake

Tiyerekeze kuti mmodzi wa inu ndi mtsikana wa ku Luchenza amene wamaliza dipuloma ya ulimi, ndipo sakudziwa ngati atsate ntchito ya kumunda kapena ya m'fakitale. Amalume ake, amene ndi kapitawo, alankhula ndi manijala wa fakitale ya pa esiteti yawo, ndipo iye wavomera kuti mtsikanayo alembe. Uli mwezi wa Julaye. Uthenga wake, kaya ndi wa pa foni kaya ndi kalata, ungakhale wotere:

"Zikomo bwana. Ndine mdzukulu wa a kapitawo amene analankhula nanu sabata yatha. Ndamaliza dipuloma ya ulimi ndipo ndikufuna kumvetsa ntchito ya m'fakitale ya tiyi ndisanasankhe njira yoti nditsate. Sindikufunsira ntchito ayi. Ndikupempha mphindi 20 zokha kuti ndikufunseni mafunso asanu okhudza ntchito yanu. Ndingabwere ku ofesi kwanu tsiku ndi nthawi imene inu mungasankhe, kapena kukuimbirani foni ngati zimenezo zingakupepukireni. Ngati nthawi ino yakuthinani, ndidikira. Zikomo kwambiri."

Onani zimene zili mu uthengawu. Wanena kuti ndi ndani ndi amene wamutuma, kuti wolandirayo asayambe kudabwa kuti nambala yake yachokera kuti. Wanena chimene akufuna ndi chimene sakufuna. Watchula kutalika kwa nthawi ndi chiwerengero cha mafunso, kuti munthu adziwe kukula kwa katundu amene akuvomera kusenza. Ndipo wasiya khomo lotsegula loti akanidwe popanda manyazi. Uthenga wongoti "muli bwanji bwana" n'kudikira yankho umamusiyira munthu ntchito yofufuza chimene mukufuna, ndipo wotanganidwa sayankha zotero. Musamuflashire kuti akuimbireni ndi mayunitsi ake, musatumize uthenga usiku, ndipo musatumize mawu ojambula a mphindi zisanu amene sangawamvere pakati pa phokoso la makina.

Mukapanda kuyankhidwa, dikirani sabata yathunthu, kenako mukumbutse kamodzi m'mizere iwiri. Kachiwiri kakadutsa chete, siyani, ndipo musatume amalume anu kukamukakamiza, chifukwa iwo amagwira ntchito pansi pa munthuyo ndipo mungawaike pa malo ovuta. Funani wina.

Mafunso amene ali oyenera mphindi zake

Funso labwino ndi limene munthu ameneyo yekha angaliyankhe. Chilichonse chimene mungachipeze m'buku kapena kwa amalume anu chiphunzireni musanapite. Mtsikana wathu uja ayenera kupita akudziwa kale kuti tiyi wabwino amachokera ku masamba awiri ndi nsonga, kuti makilogalamu pafupifupi 4 ndi theka a masamba aawisi amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, ndi kuti zilembo monga BP1 ndi PF1 zolembedwa pa matumba ndi magulu a tiyi malinga ndi kukula kwa timibulu take. Akafunsa kuti "kodi tiyi amapangidwa bwanji?" watha mphindi khumi kumvera zimene akanaziwerenga, ndipo manijala waona kuti sanakonzeke.

Funso loyamba likhale la njira: "Bwana, munalowa bwanji ntchito imeneyi, ndipo amene akulowa masiku ano akudzera khomo liti?" Mbali yachiwiri ya funsoli ndiyo yofunika. Mvetserani ngati anthu amalowa monga ophunzira umanijala, kapena amayamba ukalaliki wa nyengo ya mvula n'kumakwera, kapena amatengedwa kuchokera kwa ophunzira amene anabwera kudzayeserera ntchito kuchokera ku Bunda kapena ku yunivesite ya MUST ya ku Ndata kwathu konkuno. Yankho limeneli likuuzani kumene kalata yanu iyenera kupita ndi mwezi woitumizira.

Lachiwiri likhale la tsiku lenileni: "Tsiku lanu la mu Febuluwale limayamba nthawi yanji ndi kutha nthawi yanji, ndipo limasiyana bwanji ndi la mwezi uno?" Mukangofunsa kuti ntchito imayenda bwanji, ayankha kuti ikuyenda bwino. Mukatchula mwezi, akuuzani za kudzuka pakati pa usiku kukaona ngati masamba afota mokwanira, za magetsi akazima makina ali pakati pa ntchito, za nkhuni za boyila zikanyowa. Pamenepo mtsikana wathu adzadziyeza yekha ngati moyo umenewo angaukwanitse.

Lachitatu likhale la zolakwika: "Anthu atsopano amalakwitsa chiyani m'chaka choyamba, ndipo inu mumazindikira bwanji?" Funso limeneli limatulutsa nzeru zimene sizilembedwa. Wa m'fakitale angakuuzeni za wachinyamata amene amakhulupirira wotchi yokha osagwira masamba m'manja kuti amve ngati afota, kapena amene amaopa kubweza masamba okhwima chifukwa chosafuna kukangana ndi a kumunda. Wa kumunda angakuuzeni kuti chovuta si kudziwa tizirombo, koma kulamula anthu amene ndi msinkhu wa makolo anu popanda kuwanyoza ndiponso popanda kuwaopa.

Lachinayi likhale la chimene chikusowa: "Pa maphunziro amene ndili nawowa, n'chiyani chimene ndingawonjezere m'miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi?" Funsoli limapatsa munthu mpata wokuthandizani popanda kukulonjezani kanthu. Mwina anena laisensi ya njinga yamoto, popeza woyang'anira minda amayenda mitunda. Mwina anena kudziwa kusunga mawerengero pa kompyuta, kapena kumvetsa malamulo a mabungwe monga Fairtrade ndi Rainforest Alliance amene amayendera maesiteti. Chilichonse chimene anene, chilembeni.

Lachisanu ndi lotsekera: "Kodi alipo wina amene mungandilangize kuti ndikamve maganizo ake, makamaka wa kumunda, ndipo mungalole kuti ndikatchule dzina lanu?" Chilolezo chotchula dzina chipempheni momveka. Mukachipeza, ulendo wachiwiri umakhala wosavuta kuposa woyamba.

Palinso mafunso amene simuyenera kufunsa. Musafunse malipiro ake. Ngati mukufuna kudziwa za ndalama, funsani kuti woyamba kumene pa ntchito yotere amayembekezera zotani, monga nyumba ndi chithandizo cha kuchipatala, ndipo akazengereza musaumirire. Musafunse mitengo imene esiteti imagulitsira tiyi kwa ogula ake, chifukwa zimenezo ndi zinsinsi za kampani. Musamukokere m'nkhani za mikangano ya malo pakati pa maesiteti ndi midzi yozungulira. Nkhaniyo ndi yeniyeni, ili ndi mizu kuyambira nthawi ya thangata, ndipo ili ndi mabwalo ake oikambira, koma wantchito amene wakupatsani mphindi 20 sangaiyankhe momasuka ali mu ofesi ya abwana ake. Ndipo musabwere ndi dandaulo la m'bale wanu amene anachotsedwa ntchito.

Tsiku lenilenilo

Maofesi ndi mafakitale ambiri ali kutali ndi msewu wa tala. Minibasi ikakutsitsani pa msewu waukulu wochokera ku Limbe, patsala ulendo wa njinga yamoto kapena wapansi pakati pa minda, ndipo kukagwa chiperoni njirazo zimaterera. Funsiranitu mtunda wake kwa amalume anu. Fikani pa geti patatsala mphindi 30, chifukwa mlonda ayenera kulemba dzina lanu ndi kuimbira ku ofesi. Tengani chiphaso chanu cha unzika. Mlondayo mupatseni ulemu wonse, chimodzimodzinso mlembi wa pakhomo la ofesi. Anthu amenewa amacheza ndi bwana tsiku lililonse, ndipo khalidwe lanu la pa geti limafika m'kati inu musanalowe.

Valani zaukhondo ndi nsapato zotseka, chifukwa mwina angakuyendetseni m'fakitale. Musadzole mafuta onunkhira kwambiri. Tiyi amakoka fungo msanga, ndipo m'chipinda cholawira fungo lachilendo silifunika. Musajambule chithunzi chilichonse osapempha. Foni ikhale yotseka mawu, m'thumba. Nyamulani kope ndi cholembera, mafunso anu atalembedwa kale, ndipo pemphani chilolezo cholemba zimene akunena.

Mphindi 20 zigaweni motere. Ziwiri zoyamba ndi za malonje, pakuti kwathu kuno sitiyamba nkhani tisanafunsane za kunyumba, koma musawatalikitse. Ziwiri zotsatira dzifotokozeni: kumene mwachokera, zimene mwaphunzira, chimene chikukuvutani kusankha. Mphindi 13 ndi za mafunso, ndipo m'menemo pakamwa panu pazitseguka pang'ono, makutu ndiwo agwire ntchito. Zitatu zomaliza ndi zothokoza ndi kutsanzika. Mukaona kuti yankho la funso lachiwiri latalika ndipo muli nzeru zambiri, musalidule kuti mukwanitse mndandanda. Ndi bwino kubwerako ndi mayankho atatu akuya kusiyana ndi asanu othamangitsidwa. Koma funso lomaliza lija, la munthu wina woti mukamuone, lisungireni malo nthawi zonse.

Wosunga nthawi ndinu, osati iye. Munthu waulemu zimamuvuta kuthamangitsa mlendo, choncho amapirira mumtima akuwerenga ntchito zimene zaima. Muchotsereni mtolo umenewo. Mphindi zikakwana nenani nokha kuti, "Bwana, nthawi imene ndinapempha yakwana, ndisakuchedwetseni." Akanena kuti khalani tipitirize, khalani, pakuti tsopano nthawiyo wapereka yekha. Akangoti zikomo, imirirani. Ndipo phunzirani kuwerenga zizindikiro nthawi isanakwane. Akayamba kuyang'ana pa wotchi, mayankho akafupika, kapitawo akaima pakhomo ndi pepala m'manja, kapena phokoso la makina likasintha iye n'kutembenuza mutu, dziwani kuti mtima wake wapita kale ku ntchito. Tsanzikani pomwepo ngakhale mwangofunsa mafunso awiri. Mukafika n'kupeza kuti waitanidwa mwadzidzidzi, musaonetse kukhumudwa ngakhale mwawononga ndalama ya ulendo. Siyani kakalata kwa mlembi konena kuti munafika ndipo mudikira tsiku lina.

Pepala la mbiri ya maphunziro anu likhale m'chikwama. Akalipempha yekha, perekani. Akapanda kulipempha, libwerere nanu kunyumba.

Pamene muyenera kubwerera

Ulemu uli ndi malire, ndipo izi ndikunena makamaka kwa inu atsikana, ngakhale anyamata nawonso amve. Kucheza kotere kumachitikira ku ofesi, nthawi ya ntchito, anthu ena ali pafupi. Munthu akasintha malo n'kunena kuti mukakumane ku malo ogona alendo, ku bala kapena kunyumba kwake madzulo, kanani mwaulemu ndipo musapite. Akayamba kulonjeza ntchito imene simunapemphe n'kumaonjeza kuti zidalira inu, nyamukani. Auzeni akulu amene anakulumikizani, ndipo dziwani kuti maesiteti ali ndi njira zolandirira madandaulo otere. Nthawi zonse wina wa kunyumba adziwe kumene mwapita ndi nthawi yobwerera.

Chimodzimodzi ndi ndalama. Nzeru za mtundu umenewu sizigulidwa. Wina akati mupereke kangachepe kuti akuonetseni kwa bwana, kapena kuti dzina lanu likwere pamwamba pa mndandanda, ameneyo akukudyerani. Inunso musanyamule nkhuku kapena nthochi za ku Thekerani popita. Mtima wanu ungakhale woyera, koma mphatso yofika musanalankhule imamuika wantchito pa chiopsezo choganiziridwa za ziphuphu, ndipo woona mtima adzakakamizika kuibweza, nonse n'kuchita manyazi.

Dziwaninso kuti mawu a munthu mmodzi si chithunzi chonse. Amene wakhumudwa ndi ntchito yake adzakuuzani kuti mu tiyi mulibe tsogolo, ndipo amene zamuyendera adzaiwala kutchula zowawa. Mverani anthu atatu a magawo osiyana musanagamule. Chimene onse atatu achitchula osapangana, chimenecho chigwireni.

Mukabwerako

Tsiku lomwelo, musanagone, lembani bwinobwino zimene mwamva, chifukwa pofika mawa theka lidzakhala litauluka. Mawa lake tumizani uthenga wothokoza wa mizere itatu, ndipo mutchulemo chinthu chimodzi chenicheni chimene mwatola. Mtsikana wathu angalembe kuti, "Zikomo bwana chifukwa cha nthawi yanu dzulo. Malangizo anu oti ndiphunzire kusunga mawerengero pa kompyuta ndawamva, ndipo ndiyamba mwezi wa mawa." Akathokozenso amalume ake, chifukwa iwo anaika dzina lawo pa iye.

Kenako chitani chimene munalangizidwa. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mukachichita, mudziwitseni m'mawu ochepa, osapempha kanthu. Mukakumana ndi munthu wachiwiri uja amene anakutumizaniko, mudziwitsenso kuti munakumana naye. Kupitirira apo musamutumizire mauthenga a moni wa tsiku ndi tsiku, ndipo zimene anakuuzani momasuka musakazifalitse pa msika wa Bvumbwe kapena pa magulu a pa foni.

Ntchito ikadzalengezedwa pa esiteti imeneyo, funsirani kudzera njira imene yalembedwa, monga wina aliyense. Mungathe kumudziwitsa munthu uja kuti mwafunsira, koma musamupemphe kuti akukonderani. Phindu la ulendo wanu lidzaonekera m'kalata yanu, imene idzakamba za ntchito yeniyeni osati yongoganizira, ndi m'mayankho anu pamaso pa okufunsani. Ndipo mwina mudzapeza kuti ntchito imene munkailota si yanu, n'kutembenukira ku nazale, ku ulangizi wa alimi ang'onoang'ono kapena kunja kwa tiyi kumene. Kudziwa zimenezo mutangowononga ndalama ya minibasi ndi mphindi 20 za munthu wina n'kotchipa kwambiri kuposa kudzazidziwa mutasaina kale mgwirizano, mvula ya Januwale ili pamutu.